Gulosi yatsika ndi £125 koma ku banki kwachepa £90 yokha, zimayenda bwanji?

Amene mukugwira ntchito ku UK ambiri munalandilapo kalata ya a HR yoti kuyambira mwezi wamawa penshoni yanu idziyenda mwa salary sacrifice, ndipo poti makalata a HR ndi ambiri mumangosaina basi, kenaka peyisilipu ikabwera mukuona gulosi yatsika mtima nkugunda kuti mwina akudulani malipiro. Ife amene timakonza peyirolo funso limeneli timakumana nalo mwezi ndi mwezi, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi.

Chimene chimachitika nchakuti inu ndi abwana mumagwirizana kusintha kontilakiti. Mumavomera kuti salale yanu itsike ndi ndalama zakuti, ndipo abwanawo amatenga ndalama zomwezo nkukulipilirani chinthu china, kaya ndi penshoni, kaya njinga ya Cycle to Work, kaya galimoto ya magetsi. Apa mvetsetsani, sikuti ndalamayo mwalandira kenaka nkuidula ayi, pa lamulo ndalamayo simunailandire nkomwe. A HMRC akamawerengera msonkho wa PAYE ndi National Insurance, imene mwachidule timati NI, amayang'ana salale yatsopano yotsikayo, ndipo zabwino zonse ndi zoipa zonse za dongosololi zikuchokera pamenepa.

Titenge mayi wina wogwira ntchito ku England amene amalandira £30,000 pachaka, ndiye kuti £2,500 pamwezi. Ndigwiritsa manambala a chaka cha msonkho cha 2025/26, a ku Scotland msonkho wanu uli ndi magawo ake osiyana koma NI ndi yomweyo. £12,570 yoyamba pachaka sakhometsa msonkho, pamwezi imeneyo ndi £1,047.50. Yotsala amadula 20% ya msonkho ndi 8% ya NI. Mayiyu akanakhala kuti alibe penshoni, ndalama yodulidwa msonkho ikanakhala £1,452.50, msonkho £290.50, NI £116.20, ku banki kukanalowa £2,093.30.

Tsopano wavomera kusiya 5% ya salale yonse, imene ndi £125 pamwezi. Gulosi pa peyisilipu ikhala £2,375. Mukachotsa £1,047.50 ija patsala £1,327.50, msonkho watsika kufika £265.50, NI yatsika kufika £106.20, ku banki kulowa £2,003.30. Ndiye onani, ku penshoni kwapita £125 yathunthu koma mthumba mwachepa £90 yokha, £35 inayo ndi £25 ya msonkho ndi £10 ya NI imene sanalipire. Pa peyisilipu yeniyeni pakhoza kusiyana ndi mapeni ochepa chifukwa makina a peyirolo ali ndi kazungulitsidwe kawo ka manambala, zimenezo musadandaule nazo.

Koma apa mpamene timabulosha ta a HR timakonda kukokomeza. Amalemba ngati £35 yonseyo mwaipeza chifukwa cha salary sacrifice, pomwe si choncho. Mayi yemweyu akanakhala pa penshoni ya masiku onse imene amaitcha relief at source, akanadulidwa £100 pa neti yake, kampani ya penshoni nkukatenga £25 ku HMRC kuonjezerapo, ku penshoni kukanalowabe £125 yomweyo ndipo ku banki £1,993.30. Pa njira ina ija ya net pay arrangement, imene amadula £125 msonkho usanawerengedwe koma NI nkuwerengera pa £2,500 yonse, yankho ndi lomwelo, £1,993.30. Ndiye phindu lenileni la salary sacrifice kwa iye ndi £10 pamwezi, £120 pachaka, ndipo yonseyo ndi ya NI. Si ndalama yonyoza ayi, koma musamaganize kuti mwatola chikwama.

Amene amapindula kwambiri kunena zoona ndi abwana. Kuyambira April 2025 olemba ntchito amalipira NI yawo ya 15% pa malipiro opitilira £5,000 pachaka, ndiye pa £125 ija iwo apulumutsa £18.75 pamwezi, £225 pachaka pa munthu mmodzi, kuposa mwini wakeyo. Mukachulukitsa ndi antchito 200 muona chifukwa chake makalatawa amabwera ndi changu chotere. Makampani ena amabweza ndalama imeneyi, yonse kapena theka, nkuiponya mu penshoni yanu, ena amangosunga phee, ndipo palibe lamulo lowakakamiza. Funsani, si mwano kufunsa kuti NI imene kampani yapulumutsa ikupita kuti.

Kwa amene amalandira zambiri masamu ake amasintha. Pamwamba pa £50,270 msonkho ndi 40% koma NI ndi 2% yokha, ndiye munthu wa £55,000 akasiya £100 mthumba mumachepa £58. Apa phindu la NI ndi lochepa, chabwino chake nchakuti 40% yonse imabwera yokha pompo osafunika kukapempha gawo lina ku HMRC monga zimakhalira pa relief at source, chinthu chimene anthu ambiri amaiwala kuchita zaka nzaka.

Tsopano mbali imene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa abale athu ambiri ali ku ntchito za keya, mmafakitale ndi mokilina, kumene malipiro ali pafupi ndi malire a boma. Lamulo silola kuti salary sacrifice itsitse malipiro anu pansi pa National Minimum Wage, olo mutavomera nokha ndi kusaina. Mu 2025/26 kwa a zaka 21 kupita mmwamba malirewo anali £12.21 pa ola. Munthu wolandira £12.50 pa ola akasiya 5% ndiye kuti watsika kufika pafupifupi £11.88, zimenezo nzosaloledwa, mpata umene ali nawo ndi mapeni 29 okha pa ola. Peyirolo yabwino imamuchotsa munthu wotere pa dongosololi nkumuika pa njira ya masiku onse, ndiye mukaona mnzanu ali pa salary sacrifice inu ayi, nthawi zambiri si tsankho, ndi masamu amenewa. Vuto limabwera mu April malire akakwera koma salale yanu osakwera mofanana, kapena mukaonjezera njinga pamwamba pa penshoni. Kudziwa kwake nkosavuta, tengani gulosi yotsikayo mugawe ndi maola amene mwagwira mwezi umenewo, ikatsika pansi pa malire kampani yalakwa ndipo iyenera kukubwezerani.

Palinso a pati taimu amene chaka chonse salandira kufika £12,570. Awa salipira kale msonkho, NI nayonso miyezi yambiri salipira, ndiye salary sacrifice ilibe choti iwapulumutsire, akasiya £100 mthumba muchepa £100 ndipo ku penshoni kulowa £100. Pomwe pa relief at source munthu yemweyo akapereka £100 boma limaonjezerabe £25 olo kuti salipira msonkho. Kwa ameneyu kusaina ndi kuluza, pokhapokha ngati kampani ikuonjezerapo china chake.

Gulosi ikatsika imakoka zinthu zina zimene zimawerengedwa kuchokera pa iyo. Statutory Maternity Pay masabata 6 oyamba ndi 90% ya avereji ya malipiro anu, ndipo avereji imeneyo amaitenga pa malipiro odulidwa NI a masabata pafupifupi 8 a chapakati pa mimba, ndiye mayi wathu uja adzawerengeredwa pa £2,375 osati £2,500. Pa 5% kusiyanako nkochepa, koma amene wasiya £400 pamwezi ya galimoto adzakumva ndithu. A banki mukamafuna mogeji ena amayang'ana gulosi yotsikayo, ena amavomera kalata ya kampani yosonyeza salale yoyambilira. Ovataimu, bonasi, inkirimenti ndi ndalama imene banja limalandira munthu akamwalira ali pantchito, makampani abwino amawerengera pa salale yoyambilira imene pa mapepala amalemba kuti notional salary kapena reference salary, koma zimenezi ziyenera kulembedwa mu mgwirizano, mukapanda kuziona funsani musanasaine. Kumbali yokoma, amene akubweza ngongole ya sukulu ya Plan 2 amadulidwa 9% pa malipiro opitilira malire ake, ndipo gulosi ikatsika chodulidwacho chimatsikanso.

Manesi ndi ena a ku NHS nkhani yanu ndi ina pang'ono. Penshoni ya NHS payokha siyenda mwa salary sacrifice, chimene chimakukokani ndi galimoto za lizi zija. Sikimu ya 2015 imakusungirani 1/54 ya malipiro a penshoni a chaka chilichonse, ndiye mukasiya £5,400 pachaka chifukwa cha galimoto, penshoni yanu ya pachaka yamtsogolo yachepa ndi £100 pa chaka chimodzi chokhacho, lizi ya zaka 3 ndi £300 chaka chilichonse mpaka moyo wanu wonse wopuma, tisanawerengere kukwera kwake. Pa kotesheni ya galimoto nambala imeneyi sionekera, chimaoneka nchakuti zodula za penshoni zatsika ndipo munthu amasangalala kuti neti sinagwe kwambiri. Galimotoyo ilinso ndi msonkho wake wa benefit in kind, wa ya magetsi unkawerengedwa pa 3% ya mtengo wake mu 2025/26 ndipo peresenti imeneyi ikukwera chaka ndi chaka, komanso mukasiya ntchito lizi isanathe masikimu ambiri amakulipiritsani chindapusa. Amene muli pa viza ya sponsa, amene mawa mukhoza kusintha kampani, ganizirani kawiri pamenepa.

Musatengeke ndi chilichonse chimene chalembedwa kuti salary sacrifice. Kuyambira April 2017 zinthu zambiri monga foni, laputopu kapena jimu zinachotsedwa mwayi wa msonkho, mumakhomabe msonkho pa ndalama imene mwasiya kapena pa mtengo wa chinthucho, chimene chili chachikulu pa ziwirizo, chotsala ndi ka NI kokha. Zimene zinatsala ndi mwayi wake ndi penshoni, njinga, galimoto zotulutsa utsi wochepa kwambiri ndi chisamaliro cha ana cha kuntchito, ngakhale mavocha a ana anatsekedwa kwa olowa atsopano mu October 2018. Penshoni nayonso boma linalengeza mu bajeti ya November 2025 kuti kuyambira April 2029 ndi £2,000 yoyamba yokha pachaka imene idzakhale yopanda NI, yopitilira apo idzadulidwa NI mbali zonse ziwiri. Mayi wathu wa £1,500 pachaka sizimukhudza, koma amene akusiya 10% pa £40,000 theka la ndalama yake lidzakhudzidwa.

Ndipo poti ndi kusintha kwa kontilakiti, sikuti mwezi ukavuta kumudzi kukachitika maliro mungoimba foni kuti mwezi uno musadule. Masikimu ambiri a galimoto ndi njinga amakumangani mpaka nthawi ithe, kupatula pa zinthu zazikulu ngati ukwati, kubadwa kwa mwana kapena mnzanu wapabanja kuchotsedwa ntchito. Penshoni ndiyofewerapo, mukhoza kutuluka kapena kutsitsa, koma imene yalowa kale simungaikhudze mpaka zaka 55, ndipo kuyambira April 2028 zidzakhala 57, olo mutabwerera kwathu chaka chamawa ndalamayo idzakudikirani komweko. Peyisilipu yoyamba ikabwera onani kuti gulosi yodulidwa msonkho yatsika ndi ndalama yomwe munagwirizana, NI yatsika nayo, ndipo palibenso mzere wina wodula penshoni pa neti, kenaka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri lowani mu akaunti ya penshoni muone ngati £125 yanu ija yafika pamodzi ndi gawo la abwana la masiku onse, zonse zidzaoneka ngati zopereka za kampani.