Nkhupakupa ndi nthata m'makutu mwa kagalu: musathamangire dibi

Mvula ikayamba mu Novembala, tiagalu tambiri muno mu Lilongwe timakhalira kukanda makutu. Musanagule mankhwala, pindani khutu la kagaluko muyang'ane mkati.

Nkhupakupa zimaoneka ndi maso. Zimamatirira m'mapindiko a khutu, m'khosi ndi pakati pa zala, ndipo yokhuta magazi imafufuma ngati nsatsi. Valani magolovesi, kapena jumbo kumanja. Tengani kachitsulo kopanira, konga kozulira nsidze, mugwire nkhupakupayo pamutu penipeni pamene yalumapo, osati pamimba, ndipo kokani pang'onopang'ono molunjika mpaka italekerera. Mukaifinya pamimba, kapena kuiwotcha ndi machesi, imalavulira tizilombo m'magazi mwa kagaluko. Iponyeni m'kabotolo ka sipiriti, musaiphwanye ndi zikhadabo. Tsukani palumidwapo ndi madzi a sopo, nanunso musambe m'manja. Ya mkati mwenimweni mwa khutu musaikolokose, asiyireni a vetenale.

Nthata zimene tikunena pano ndi tizilombo tokhala m'khutu ndi m'khungu, ndipo sizizulidwa ngati nkhupakupa, chifukwa n'zazing'ono zedi. Za m'khutu zimasiya litsiro lakuda ngati mwaye, ndipo kagalu kamapukusa mutu pafupipafupi. Zoyambitsa mphere zimaboola khungu, ubweya n'kuyamba kusosoka m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono, pamene pamachita nkhanambo. Tikitani nsonga ya khutu ndi zala: mwendo wakumbuyo ukayamba kupalasa wokha, nthawi zambiri imakhala mphere. Mphere imeneyi imapatsiranso anthu tizilonda toyabwa m'mikono ndi pamimba, choncho ana asakanyamule mpaka katachira.

Tiyerekeze kuti kagalu kanu kali ndi masabata 6, kali ndi nkhupakupa 10 m'makutu. Zizuleni zonse ndi kachitsulo kaja monga tafotokozera. Dibi ya amitirazi ayi, ndi yoopsa kwa kagalu kosakwana miyezi 4. Kamafooka, kuzizira thupi, mwina kufa kumene. Palinso mankhwala ena otchedwa fipuronilo. Wodontheza pamsana pa khosi amayambira masabata 8, kagalu katakwana makilogalamu 2. Wopopera ndiye amaloledwa kwa tating'ono, koma mlingo wake akuuzeni a vetenale atakayeza pasikelo. Nthata nazo zimafuna mankhwala obwereza, chifukwa mazira ake amaswa pambuyo pake. Mukasiyira panjira zimabwerera.

Chonde, oilo wakuda wa galimoto, palafini ndi mankhwala a mbewu musapake. Kagalu kamadzinyambita, ndipo ndi poizoni.

Nkhupakupa ya agalu imabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'khola, ndiye sesani, matani ming'alu, chapani masaka ogonera ndi madzi otentha. Mayi wake ndi agalu ena pakhomopo alandirenso mankhwala.

Kwa masabata atatu otsatira, tukulani mlomo wa kagalu tsiku lililonse. Nkhama zikayera m'malo mofiirira, kakakana chakudya, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, mwina magazi akutha chifukwa cha matenda obwera ndi nkhupakupa. Pitani nako tsiku lomwelo kwa a vetenale a m'dera lanu kapena ku chipatala cha ziweto cha LSPCA ku Kanengo.