Musasunge maliro podikira mwana wa ku Joni

Ndakhala ndikusambitsa maliro pa mzikiti wathu kuno ku Mangochi kwa zaka zambiri, ndipo mawu amene anditopetsa ndi awa: "Shehe, tadikirani kaye, mwana wawo wanyamuka kale ku Joni." Abale anga, basi yochokera ku Joni imatha masiku awiri panjira, mwinanso atatu ikachedwa pa malire. Mtembo sudikira basi.

Maliro ena a mwezi wa Okutobala sandichoka m'mutu mpaka lero. Bambo wina anamwalira Lolemba usiku, dzuwa likuswa mtengo masiku amenewo. Ndinawauza achibale kuti tiike Lachiwiri ikangotha swala ya masana. Anakana, nakasiya thupi ku mochale ina kumene magetsi ankangozimazima. Anabwera nalo Lachinayi. Nditavundukula nsalu ndinapeza mimba yatupa, ndipo nditangokhudza pamkono khungu linayamba kusupuka. Sitinathe kumutsuka ndi manja. Tinangomuthira madzi pang'onopang'ono kuchokera kumutu mpaka kumapazi, anyamata ondithandiza atamanga nsalu kumphuno. Munthu amene ankafika woyamba pa swala ya m'bandakucha anapita choncho. Mwana uja anafikadi, koma nkhope ya bambo ake sitinamulole kuiona.

Mtembo ukakhala wabwinobwino timausambitsa mwaulemu wonse. Amuna amasambitsa mwamuna, akazi mkazi, ngakhale mwamuna ndi mkazi wake amaloledwa kusambitsana. Malo obisika amakhala ofunditsidwa nthawi yonse, ndipo wosambitsa amakulunga nsalu kudzanja. Timaudzutsa pang'ono ndi kusisita pamimba mofatsa kuti zotsalira zituluke, kenaka timaupangitsa wudhu ngati wa munthu wopita kukaswali. Tikatero timayamba mbali ya kumanja, kenaka ya kumanzere, katatu, ndipo ngati sunayere timafika kasanu kapena kasanu ndi kawiri. Madzi omaliza timaikamo kafuru, mankhwala onunkhira. Umu ndi mmene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analangizira amayi amene ankasambitsa mwana wake wamkazi, ndipo amayiwo analuka tsitsi lake zingwe zitatu. Tsono tandiuzani, mungasisite bwanji mimba yotupa? Mungaluke bwanji tsitsi loti likuzuka lokha?

Nsanda ndi nsalu zoyera wamba, zitatu kwa mwamuna, zisanu kwa mkazi. Palibe suti, palibe bokosi lodula loti tidikire ndalama zake. Swala ya jeneza nayo siitenga ngakhale mphindi khumi: timaima chilili, popanda kuwerama kapena kugwetsa mphumi pansi, ndi takibira zinayi, kunena kuti "Allahu Akbar" kanayi. Pambuyo pa yoyamba timawerenga Fatiha, yachiwiri timamupempherera Mtumiki, yachitatu ndi duwa ya malemu, yachinayi timapereka salamu. Kumanda timamugoneka chakumanja kwake, nkhope yoloza ku kibula, mbali ya ku Maka. Zonsezi, kuphatikizapo kukumba, zimatheka m'maola ochepa.

Kufulumira kumeneku si nkhanza, ndipo sitinakupeke tokha. Mtumiki analamula kuti tizifulumira ndi jeneza, chifukwa ngati munthuyo anali wolungama ndiye kuti tikumupititsa ku zabwino, ngati sanali wotero ndiye kuti tikutula choipa pamapewa pathu. Ndipo ntchitoyi ndi udindo wa Asilamu onse a pamalopo. Ena akaichita, onse apepukidwa, kuphatikizapo mwana amene ali kutali.

Mwanayo sataya kanthu. Mfumu Najashi ya ku Abisiniya itamwalira, Mtumiki anaipempherera swala ya jeneza ali ku Madina, mtembo uli kutsidya kwa nyanja. Mayi wina amene ankasesa mumzikiti ataikidwa usiku Mtumiki asakudziwa, iye anapita kukamuswalira pamanda. Choncho mwana wanu asonkhanitse anzake ku Joniko aswali, kapena akafika timuperekeze kumanda.

Koma ndikati fulumirani sindikunena kuti muzithamangira kukumba munthu atangoti zii. Amene wakomoka ndi shuga kapena wamira m'nyanja angaoneke ngati watha. Aitaneni achipatala atsimikize kaye. Imfa ikakhala ya ngozi kapena yokayikitsa, apolisi ndi adokotala achite ntchito yawo, ife tidikira. Kudikira koteroko kuli ndi chifukwa.

Chenjeraninso ndi anthu ongotulukira pamaliro ndi kudzitcha akatswiri osambitsa, amene amayamba ndi kutchula mtengo. Ndinaonapo wina akufinya mimba ya mtembo ndi mphamvu ngati akukanda ufa wa mandasi, thupi lili pambalambanda, mawa lake n'kumakafotokoza pamsika zimene anaona. Mtumiki anati kuthyola fupa la wakufa n'chimodzimodzi kulithyola ali moyo. Munthu akangomwalira, tumani mwana ku mzikiti nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, kuti tiyambe kufuna nsanda ndi okumba kusanache.