Mbale yachitatu ya nsima ndi ndalama ya m'thumba mwanu

Munthu amene wakhala pantchito kuyambira mbandakucha osaika kanthu kukamwa, mbale yoyamba ya nsima saiyang'ana n'komwe. Amangosamba m'manja, kutema mbamu, kusunsa, kumeza, ndipo salankhula mpaka mbale itayera. Mukamubweretsera yachiwiri amadyabe, koma tsopano wayamba kucheza, akusankha ndiwo, mwina wazindikira kuti mchere wachepa. Yachitatu ikafika amatsamira kumbuyo, n'kumapotokola timbamu ting'onoting'ono. Ufa ndi womwewo, wophika ndi yemweyo, mthiko ndi womwewo. Chasintha ndi wakudyayo: njala imene inkapatsa nsima kukoma yapita ndi mbale ziwiri zoyambazo.

Ife a zachuma tikamakamba za kagulidwe ka anthu timayambira pamenepa. Sitifunsa kuti nsima ndi yofunika bwanji pa moyo wa munthu, chifukwa yankho lake aliyense akulidziwa. Timafunsa kuti mbale imodzi yowonjezera pa zimene wadya kale imupindulira chiyani. Phindu la chowonjezerali limatsika pamene munthu akuchulukitsa chinthu chimodzimodzi pa nthawi imodzi. Katswiri wa ku Jeremani, Hermann Heinrich Gossen, analemba lamuloli mu 1854 koma anthu sanamusamale. Linadzatchuka pamene William Stanley Jevons ndi Carl Menger analifotokoza mu 1871, aliyense payekha, kenako Léon Walras mu 1874.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza. Bambo wina walowa m'lesitilanti ali ndi K6,000 m'thumba, ndipo mbale ya nsima ndi ndiwo zake ikugulitsidwa K2,000. Kukhuta kulibe sikelo yoyezera, choncho timagwiritsa ntchito funso ili: kodi ndalama yaikulu kwambiri imene angalolere kulipira kuti adye mbale imeneyi ndi ingati? Ndi njala imene ali nayo, tinene kuti mbale yoyamba akanalolera kuilipira ngakhale K5,000. Yachiwiri, K2,500. Yachitatu, K800 yokha. Yachinayi sangaifune ngakhale yaulere, chifukwa ikangomutupitsa m'mimba.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo ndaona ngakhale ophunzira anzeru akugwera m'dzenje lomweli. Amaphatikiza zonse: K5,000 ndi K2,500 ndi K800 zikukwana K8,300, pomwe mbale zitatu mtengo wake ndi K6,000. Ndiye amati bamboyu agule zonse zitatu, popeza wapindula K2,300. Masamuwo ndi olondola koma chiganizocho n'cholakwika. Akalekera pa mbale ziwiri, walipira K4,000 pa chakudya chimene kwa iye ndi cha K7,500, ndiye kuti wapindula K3,500. Mbale yachitatu imulanda K2,000 n'kumubwezera kukhuta kwa K800, kutanthauza kuti yamudyera K1,200. Kukoma kwa mbale yoyamba kumabisa kuluza kwa yachitatu ngati tiziwerengera pamodzi. Mbale iliyonse iyenera kuyima payokha n'kuyerekezedwa ndi mtengo wake, ndipo wogula amaima pomwe phindu la mbale yotsatira latsikira pansi pa mtengowo.

Nanga K2,000 yotsalayo ipite kuti? Funso limeneli ndi limene limaonetsa mmene lamuloli limagawira ndalama zathu. Tinene kuti pomwepo pali botolo la thobwa la K500, limene bamboyu, pakhosi patauma chonchi, angalolere kulilipira K1,000. Pa kwacha iliyonse imene waika pa thobwa akupeza phindu la makwacha awiri, pomwe pa mbale yachitatu kwacha iliyonse ikumubwezera matambala 40 okha. Ndalama imathamangira kumene kwacha yotsatira ikubweza zambiri. Botolo lachiwiri la thobwa nalonso phindu lake litsika, ndipo idzafika nthawi yoti kusunga ndalamayo kuti akwerere minibasi madzulo kukuposa zonse ziwiri. Mayi amene ali pamsika sagwira cholembera, koma akabweza mulu wachitatu wa tomato kuti agule mafuta ophikira pang'ono, wachita masamu omwewa.

Ogulitsa amalidziwa bwino lamuloli ngakhale sanalimvepo dzina. Akakuuzani kuti mukatenga milu itatu wachitatuwo akuchotserani mtengo, kapena akakuikirani banyira, n'chifukwa akudziwa kuti wachitatuwo simukuufuna ngati woyamba, ndiye pa mtengo wonse simungautenge. Kwa bambo wathu uja, mwini lesitilanti atatsitsa mbale yachitatu kufika pa K1,500 sizimusuntha. Ayenera kutsika kupyola K800. N'chifukwa chakenso mtengo wa chinthu ukatsika anthu amagula zambiri: zowonjezera zimene kale sizinkayenera mtengo wake tsopano zayenera. Ndipo paukwati, pamene mbale ilibe mtengo, munthu yemweyo amadya yachitatu ija mosadandaula. Si dyera ayi. Phindu la K800 likuposa mtengo wa ziro, ndipo yachinayi amaikana chifukwa phindu latheratu.

Lamuloli linamasula mfundo imene inkazunguza mitu ya akatswiri, kuphatikizapo Adam Smith mu 1776: bwanji madzi, amene popanda iwo timafa, amakhala otsika mtengo, pomwe dayamondi, amene munthu angakhale moyo wake wonse osamuona, ndi wodula chonchi? Mtengo sutsatira kufunika kwa madzi onse a padziko. Umatsatira phindu la ndowa yotsatira. Kumene madzi ndi ambiri, ndowa yoyamba timamwa, yachiwiri timaphikira, ndipo yakhumi timangowazira pabwalo kuti fumbi ligone. Yakhumiyo ndi imene imaonetsa zomwe tingalolere kulipira. Chitsime chikauma, ndowa yotsatira imakhala yakumwa, ndipo mtengo wake umakwera nthawi yomweyo. Chimanga chimachitanso chimodzimodzi pakati pa nthawi yokolola ndi miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale.

Koma lamuloli lili ndi malire, ndipo wolitenga ngati lachimbalambanda amalakwitsa. Limagwira ntchito pa nthawi imodzi. Mbale yachitatu masana ano si yofanana ndi mbale yoyamba mawa, chifukwa njala imabwerera. Choncho kugula matumba atatu a chimanga pa nthawi yokolola sikutsutsana ndi lamuloli: thumba lachitatulo lidzadyedwa miyezi ikubwerayo, banja lili ndi njala yatsopano. Chofunika kufunsa ndi chakuti, kodi chinthuchi chisungika? Chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe chimadikira. Tomato wakupsa sadikira, ndipo mulu wachitatu wotchipa uja ukaolera m'dengu, mwagula chinthu chopanda phindu lililonse.

Palinso zinthu zimene phindu lake limabwera zikakwanira. Nsapato imodzi ilibe ntchito mpaka inzake ipezeke. Mankhwala amene adokotala akulemberani kuti mumwe masiku angapo ndi chinthu chimodzi chathunthu, ndipo amene amasiyira panjira poti wayamba kupeza bwino, poganiza kuti mapilitsi otsalawo phindu lawo latsika, amadziika pa chiopsezo choti matenda abwerere. Ngakhale nsima yomweyo imadalira ndiwo: bambo uja atamusinthira nyemba n'kumuikira chambo, mbale yachitatu ingakwere kuchoka pa K800 kufika mwina pa K2,200, ndipo pamenepo angaitanitse, chifukwa chimene akugula tsopano si chomwe chija anakhuta nacho.