Ndalama Zalowa, Koma Zalipira Invoisi Iti?

Kasitomala amene amatenga katundu pa ngongole kawirikawiri salipira invoisi imodzi imodzi. Amaphatikiza zingapo n'kutumiza ndalama kamodzi, kenako amakutumizirani pa foni chithunzi cha remitansi, kalata yofotokoza zimene walipira. Chithunzicho si ndalama. Yambani mwaona pa sitetimenti ya kubanki ngati ndalama zalowadi, ndiponso ngati zikufanana ndi zolembedwa pansi pa kalatayo.

Tiyerekeze kuti mumagulitsa ufa ndi nyemba ku sukulu ina yogonera komweko, ndipo kubanki kwalowa K921,500. Pa chithunzi pali mainvoisi atatu: 1047 ya K400,000, 1052 ya K250,000, ndi ina ya K350,000 imene nambala yake yazimiririka, moti simukudziwa ngati ndi 1053 kapena 1058. Apa musaganizire. Tsegulani akaunti ya sukuluyo: ngati 1053 ndi ya K120,000 pomwe 1058 ndi ya K350,000, yalipiridwa ndi 1058. Mtengo ndi deti ndi zimene zimatsimikizira nambala yosaoneka bwino, makamaka pa manambala ooneka mofanana monga 3 ndi 8 kapena 1 ndi 7.

Zitatuzo pamodzi ndi K1,000,000, kutanthauza kuti K78,500 yaperewera. Kodi yapita kuti? Mzere wina ukuonetsa K50,000 m'mabulaketi, ndipo m'maakaunti mabulaketi amatanthauza kuchotsera. Imeneyi ndi kirediti noti, kalata yochepetsa ngongole, ya matumba amene anabwezedwa pa 1052. Patsala K950,000. Pamenepo sukulu yadula msonkho wa 3 peresenti umene ogula ena amalamulidwa kudula polipira katundu n'kukapereka ku MRA, womwe ndi K28,500. Zatsala ndi K921,500 ndendende.

Tsopano gawani: K388,000 ku 1047, K194,000 ku 1052, K339,500 ku 1058. Invoisi iliyonse itsala ndi kachidutswa ka msonkho. Sukulu ilibenso ngongole pamenepo, chotero K28,500 isamutsireni ku akaunti ya msonkho wodulidwa, ndipo itanitsani satifiketi yake. Popanda satifiketiyo mudzavutika kuonetsa MRA kuti ndalamayi inaperekedwa kale m'dzina lanu.

Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi chizolowezi chongothira ndalama pa ngongole zakale kwambiri osawerenga kalata. Mukatero mutseka 1053, imene mwina sukulu yaisiya dala chifukwa nyemba zake zinali zofumbwa, ndipo 1058 yolipiridwa kale ioneka ngati ikadali ndi ngongole. Mwezi ukatha mudzaimbira foni munthu amene analipira, dandaulo lake lenileni litakwiririka.

Chithunzi chikakhala choduka m'munsi kapena masamu akakana, lembani ndalamayo pa akaunti ya kasitomala ngati yosagawidwa, n'kupempha kalata yooneka bwino tsiku lomwelo, wolipirayo asanaiwale zimene anachotsera.