Kaufiti amayamba kudya chimanga asanaonekere

Anthu ambiri kuno ku Mangochi amayamba kudandaula za kaufiti akaona timaluwa tofiira m'mizere, mwezi wa Febuluwale. Pamenepo amakhala atachedwa kale. Ntchito yaikulu yoononga imachitika pansi pa dothi, mwini munda asanaone kanthu.

Njere za kaufiti n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo tsinde limodzi limabala masauzande ambirimbiri. Zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo. Mvula yokha siimeretsa njerezi. Zikanyowa m'dothi lofunda kwa sabata imodzi kapena ziwiri zimangokonzeka, n'kudikira timadzi tina timene mizu ya chimanga kapena mapira imatulutsa. Timadziti tikazifika m'pamene zimamera. Kamuzu kamene kamatuluka kakakhudza muzu wa chimanga kamatupa kunsonga, kuboola khungu la muzuwo, n'kulumikizana ndi timitsempha todutsa madzi ndi chakudya. Kuyambira apo kaufiti amangoyamwa, ndipo amatha mwezi kapena kuposerapo asanatulukire kunja.

N'chifukwa chake mumapeza chimanga chopinimbira, chachikasu, masamba atapota ngati kuli ng'amba pomwe dothi lili lonyowa. Ena amati munda walodzedwa. Dzina lakelo nalo silithandiza. Fukulani phando limodzi mosamala, mutsuke mizu, muona timphukira toyera titakangamira pamenepo.

Kufooka kwa kaufiti kuli pa kanjere komweko. Kalibe chakudya chokwanira, choncho kakamera n'kusowa muzu woyamwa, kamafa m'masiku ochepa. Soya, mtedza ndi thonje zimatulutsa timadzi tomeretsa kaufiti wa chimangayu, koma iye sangathe kuyamwa mizu yake. Amamera n'kufa ndi njala.

Tinene kuti muli ndi ekala imodzi ya dothi lamchenga, lotopa, cha ku Nankumba. Igaweni pawiri. Mbali yomwe kaufiti wachuluka dzalani mtedza kapena soya, inayo chimanga chothira manyowa ndi feteleza pa nthawi yake, chifukwa kaufiti amasangalala m'nthaka yaguga. Chaka chamawa sinthanitsani. Musabzale mapira kapena mchewere n'kumati mwasintha mbewu, izi kaufiti amadyanso. Ndipo chaka chimodzi sichingathetse njere zimene zaunjikana kwa zaka. Musataye mtima mukamuonanso. Mukaona wamaluwa achikasu mu mtedza kapena khobwe, ameneyo ndi mtundu wina woyamwa mbewu za gulu la nyemba, ndiye kumeneko thonje ndilo lingathandize.

Pomwe ambiri timalakwa ndi pozula. Tikamaliza kubandira timasiya khasu, kaufiti n'kuchita maluwa mwaufulu mpaka kukolola. Zulani asanachite maluwa, mubwerezenso pakatha masabata awiri aliwonse. Chimanga cha chaka chino sichipindula kwenikweni, mukuteteza cha zaka zikubwerazi. Wozulidwa ali ndi maluwa musamusiye mumzere kapena kumuponya pa kompositi, chifukwa njere zimakhwimabe. Mutulutseni m'thumba, mukamutenthere kunja kwa munda.