Mwana wothamangira mlendo aliyense

Amene munayamba mwapitako kukacheza kumalo osungirako ana amasiye mukudziwa chimene chimachitika mukangolowa pageti. Tiana ta zaka ziwiri kapena zitatu timakuthamangirani, kukugwirani miyendo, kena n'kukwera pamiyendo panu musanakhazikike n'komwe pampando. Alendo amasangalala nazo, amvekere, "Koma ana awa ndi omasuka bwanji!" Ine, amene ntchito yanga ndi ya uphungu wa ana ndi mabanja, ndikaona zimenezi mtima umandigunda.

Khanda la miyezi itatu limalola kunyamulidwa ndi aliyense. Likafika miyezi 7 mpaka 9 limayamba kusankha anthu. Mlendo akalitenga limalira, manja kulozera kwa mayi ake, ndipo agogo amadandaula kuti mwanayu wayamba kukana anthu. Kukanako n'kwabwino. Kukusonyeza kuti mwana wapeza munthu wake, amene akalira amabwera, amene amathawirako akachita mantha. Mwana wotere akayamba kuyenda amapita kukasewera poteropo, koma amacheukacheuka kuti aone ngati munthu wake uja akadalipo.

Kumalo osungirako ana chakudya chikhoza kukhalapo, zofunda zoyera, mankhwala osasowa, koma munthu wakeyo ndiye amasowa. Mayi mmodzi akuyang'anira ana khumi kapena kuposa, madzulo akuweruka, kukubwera wina, mwezi wamawa wasamutsidwira chipinda china. Phala limabwera chifukwa nthawi yakwana, osati chifukwa mwana walira. Mwana amaphunzira kuti kulira sikuitana munthu. Ena amangosiya, amakhala duu, akagwa sathamangira aliyense, ukawanyamula thupi limauma gwa. Ena amatenga njira inayo, yothamangira aliyense amene wafika. Achiwiriwa ndi amene amatipusitsa.

Ndikumbuka kamtsikana kena ka zaka ziwiri ndi theka. Mayi ake anamwalira kali ndi masabata ochepa, ndipo kanakulira kumalo ena osungirako makanda mpaka azakhali ake anakatenga kupita nako kwawo, chakufupi ndi Santhe. Patatha mwezi azakhaliwo anandipeza ali okhumudwa. Tsiku la msika mwanayo anatsika kumsana n'kugwira dzanja la mayi wina wogulitsa tomato, n'kumapita naye osacheuka. Tsiku lina anakwezetsa manja kwa wakabaza amene anali asanamuonepo. Koma atapsa chala ndi mbaula sanalire, anangopita kuseri kwa chitseko n'kumadzigwedeza. Analinso kubisa zipande za mbatata pansi pa mphasa.

"Kodi mwanayu sakundifuna?" anandifunsa. "Ine ndikuvutika naye, koma kwa iye ine ndi munthu wa pamsewu ndife amodzi."

Apa ananena zoona, kungoti chifukwa chake sichinali kudana nawo. Mwanayo anali asanaonepo kuti pakati pa akuluakulu pamakhala mmodzi amene sachoka.

Tisanayambe china chilichonse tinapita naye kusikelo. Mwana wosamva bwino, woperewera zakudya m'thupi kapena wochepa magazi amathanso kukhala duu, ndipo mwana wa otizimu, vuto limene limakhudza mmene mwana amalankhulira ndi kuchezera ndi anthu, amaoneka ngati wosalabadira anthu. Zimenezi zimafuna achipatala, uphungu pawokha sungazithetse. Uyu anapezeka wochepa thupi pang'ono, koma makutu ali bwino.

Chimene ndinawapempha chinali chovuta pamudzi pathu: kwa miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, mwana asamayende m'manja. Kumudyetsa, kumusambitsa, kumugoneka ndi kumutonthoza achite iwo eni, ndipo akapita kudimba achite mwana wawo wamkulu wa zaka 16, osati wina aliyense. Achibale abwere, aseke naye, koma akawakwezera manja amuuze mokoma kuti, "Pita kwa amayi," n'kumuperekeza. Agogo ena a pamudzipo anakwiya nazo, amati mwana ndi wa mudzi wonse. Sindinatsutse. Ana ena onse a pamudzipo amayenda m'manja atadziwa kale msana umene ndi wawo, pomwe uyu anali asanaudziwe.

Chitenje chinathandiza kwambiri. Mwana wa zaka ziwiri ndi theka anthu amati wakula, aziyenda yekha, koma ndinawauza azimubereka ndithu, popita kumjigo, posesa, posinja. Kumsana amamva fungo limodzimodzi, mawu amodzimodzi, tsiku ndi tsiku. Masiku oyamba ankadzikutumula kufuna kutsika, ndipo ankamutsitsa osamukakamiza, n'kuyesanso madzulo.

Mbali yofuna maso ndi iyi. Mwana amene anasiya kulira saitana, ndiye wamkulu ayenera kuyankha ngakhale pamene sanaitanidwe. Akapunthwa n'kukhala chete, musati ndi wolimba mtima. Pitani, khalani pansi pafupi naye, nenani zimene zachitika: "Wagwa eti? Pakupweteka apa?" Mukatero kambirimbiri, tsiku lina adzagwa n'kukuyang'anani. Za mbatata zija tinagwirizana kuti asamukalipire. Ankamusiyira kambale kovindikira pamalo amodzi, n'kumuuza kuti n'kake, ndipo kubisako kunazilala.

Ziwiri ndinawaletsa. Choyamba, kumuzemba. Timakonda kuchoka mwakachetechete kuti mwana asalire, koma kwa mwana amene anthu akhala akungosowa pamaso pake, kuzembako kumatsimikiza zimene akudziwa kale. Tsanzikani, nenani kuti mubwera dzuwa likafika apo, ndipo bwerani. Chachiwiri, mawu oti "ukavuta ndikubweza komwe unachoka". Ngakhale mwanthabwala, asatuluke.

Patapita miyezi inayi azakhali aja anabweranso ndi dandaulo latsopano: mwana wayamba kuvuta. Akufuna kupita kuchigayo, iye ali kakaka pa chitenje, kulira mpaka kugubuduka. Anadabwa kundiona ndikusekerera. Kuvuta kumeneku ndi kumene tinkadikira. Mabanja ambiri amataya mtima pamenepa, poganiza kuti amulekerera mwana, ena mpaka kuganiza zomubweza.

Ku Romania, kumene ana ambiri anapezeka m'malo osungirako ana boma la Ceausescu litagwa mu 1989, akatswiri anatsatira ana 136 a mumzinda wa Bucharest kuyambira cha m'ma 2000. Theka la anawo anapatsidwa mabanja owalera, enawo anatsala. Amene analowa m'mabanja asanakwanitse zaka ziwiri ndi amene anadalira bwino owalera kuposa amene analowa mochedwa. Kukhala duu kuja kumatha msanga mwana akapeza banja lokhazikika, koma kuthamangira alendo kumakanirira, mwa ana ena mpaka zaka. Choncho ndinawachenjeza azakhaliwo kuti pamsika, pamaliro ndi padepoti asamuchotse diso, ngakhale akuoneka kuti wazolowera.

Kwa oyang'anira malo osungirako ana, pomwe a zachisamaliro cha anthu kuboma akufufuza achibale kapena banja loti litenge mwana, pali zotheka popanda ndalama zambiri. Gawani ana m'timagulu, kagulu kalikonse kakhale ndi amayi ake awiri osasinthasintha, ndipo mwana akakula asasamutsidwe chipinda kusiya mayi amene wamuzolowera. Alendo obwera ndi sopo ndi shuga alandiridwe, koma asamapatsidwe makanda kuti anyamule n'kujambulitsa. Ndipo lekani kuuza amayi olera kuti asazolowerane kwambiri ndi mwana poopa kuti adzavutika posiyana. Adzalira ndithu tsiku lochoka, n'chifukwa chake banja lomutenga liyambe kubwera masabata angapo tsikulo lisanafike, lizimudyetsa ndi kumusambitsa mayi womulerayo ali pomwepo.