Pulani ya masiku 90 iyambire pa tsiku loyamba ntchito, osati pa mbiri yanu

Kwa zaka zambiri ndakhala m'magulu ofunsa mafunso anthu ofuna ntchito kuno ku Kasungu, ndipo masiku ano mabungwe ambiri akamalemba munthu pa udindo wa manijala kapena woyang'anira pulojekiti amaika chiganizo chimodzi m'kalata yoitanira ku intavyu, chonena kuti munthuyo adzafotokoze m'mphindi khumi zimene adzachite m'masiku 90 oyamba akalembedwa ntchito. Chiganizocho n'chomveka bwino, koma zimene timamva m'chipindamo zimakhala zimodzimodzi chaka ndi chaka mpaka ndatopa nazo. Munthu amatha mphindi zisanu kutiuza kumene anaphunzira ndi kumene anagwirapo ntchito, zinthu zoti zili kale m'mapepala amene tagwira m'manja, kenaka amationetsa mabokosi atatu olembedwa kuti masiku 30 oyamba adzaphunzira, masiku 30 achiwiri adzakonza mapulani, masiku 30 omaliza adzayamba kugwira ntchito. Mabokosi amenewa ndawaona kwa ofuna ntchito ya zaulimi, ya zaumoyo ngakhale ya zowerengera ndalama, mawu ake osasintha ngakhale limodzi.

Kugawa masiku 90 m'zigawo zitatu sikolakwika, ndipo inenso ndimalangiza anthu kutero. Cholakwika n'chakuti zigawozo zimabwera zopanda mwezi, zopanda malo ndiponso zopanda dzina la chinthu chilichonse chimene chidzaoneke ndi maso, ngati kuti ntchito idzaima kudikira kuti mwini wake watsopano athe kuphunzira.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza inkafuna manijala woti ayambe ntchito pa 1 Okutobala, ndipo tsikulo linalembedwa m'kalata imene onse oitanidwa analandira. Aliyense amene akanatenga kalendala n'kuwerenga akanaona kuti Okutobala ali ndi masiku 31, Novembala 30, kotero kuti tsiku la 90 likugwa pa 29 Disembala. Kuno mvula yobzalira imayamba kawirikawiri kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, zimene zikutanthauza kuti manijala amene adzathe Okutobala yense akumvetsera, Novembala yense akulemba mapulani, adzayamba kufunafuna mbewu alimi atabzala kale zimene anasunga m'nyumba. Mayiyo anali atagwira ntchito ndi makalabu a alimi kwa zaka zochuluka kuposa ena onse amene anabwera tsikulo, koma anaimirira ndi masilaidi 18 amene anachita kumukonzera munthu wina, odzaza ndi mawu a Chingerezi cha m'mabuku amene iye mwini ankapunthwa powerenga. Wosunga nthawi atagogoda tebulo pa mphindi ya khumi, anali asanachoke pa masiku 30 oyamba.

Pa nthawi ya mafunso, mmodzi wa ife anamufunsa kuti, "Mayi, mbewu idzafika liti kwa alimi?" Apo m'pamene tinaona munthu weniweni. Anayankha mosazengereza kuti mbewu ya soya sichedwa kutaya mphamvu yomera ikasungidwa potentha, choncho sabata yoyamba adzatenga njere 100 pa gulu lililonse la matumba a m'nyumba yosungiramo katundu, adzazifesa mu mchenga wonyowa n'kuwerenga zomera pakatha sabata kapena masiku khumi, kuti ngati mbewuyo yafa adziwe Okutobala asanathe, nthawi yogula ina ikadalipo. Yankho limeneli ndilo linali pulani imene tinkafuna, koma fomu yathu yoperekera malikisi inali ndi gawo la kufotokoza pulani palokha, la mafunso palokha, ndipo malikisi a gawo loyambalo anali atalembedwa kale. Ntchitoyo inapita kwa wina amene ankadziwa zochepa koma anaziyala bwino, ndipo sindinganene kuti tinalakwitsa potsatira fomu, ngakhale kuti mpaka lero ndimaganiza kuti alimi aja anataya munthu.

Akanati abwere kwa ine sabata imodzi intavyu isanachitike, ndikanamuuza kuti mphindi khumi azione ngati mphindi zisanu ndi zinayi, chifukwa imodzi imathera pa kulumikiza laputopu ku pulojekita, kupereka moni ndi kupuma. Mphindi yoyamba ndi yonena mmene waimvera ntchitoyo, ndipo mbiri yake ilowemo m'chiganizo chimodzi chokha. Akanatha kunena kuti, malinga ndi chilengezo cha ntchito, kopaletiviyi ikufuna zinthu zitatu chaka chisanathe, zomwe ndi mndandanda wolondola wa mamembala, mbewu yofika pa nthawi yake, ndi ndondomeko yobwezera ngongole ya mbewu imene alimi aimvetsa asanalandire thumba. Zinthu zitatuzi ziyenera kuchokera m'chilengezo cha ntchito ndi m'zimene munthu wafufuza za bungwelo, osati m'mutu mwake, ndipo zikaposa zitatu ofunsa mafunso sazikumbukira.

Mphindi zisanu ndi imodzi zotsatira ndi za zigawo zitatu zija, ziwiri pa chigawo chilichonse, ndipo chigawo chilichonse chitchulidwe ndi madeti ake enieni. Kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Okutobala, mayiyo akanati adzakumana ndi bodi, wowerengera ndalama ndi alangizi a boma a m'deralo, adzayendera makalabu kutsimikiza mamembala ndi kukula kwa minda yawo, ndipo adzayesa mbewu monga anafotokozera muja. Kuphunzira kulimo ndithu, koma kukutha ndi chinthu chogwirika, chomwe ndi lipoti la masamba awiri lopita ku bodi lonena kuchuluka kwa mbewu imene ilipo, imene ikufunika ndi ndalama zotsala. Kuyambira pa 31 Okutobala mpaka pa 29 Novembala ndi nthawi yogula yoperewera, kusainirana mapangano a ngongole ndi makalabu ndi kutumiza mbewu, kuyambira ndi makalabu akutali amene misewu yake imavuta mvula ikayamba, monga mmene aliyense woyenda njira zafumbi za ku Chamama kapena ku Chulu amadziwira. Kuyambira pa 30 Novembala mpaka pa 29 Disembala ndi nthawi yoyendera minda pamodzi ndi alimi otsogola, kuona kameredwe, ndi kuyamba kulankhula ndi ogula za msika wa pokolola.

Taonani kuti mu pulani imeneyi ntchito yolemetsa yagwa pakati, osati kumapeto monga mabokosi atatu aja amanenera, ndipo yasunthira pamenepo chifukwa cha mvula. Ntchito yomweyo ikanayamba pa 1 Epulo, pulani yonse ikanatembenuka, chifukwa masiku oyamba akanakhala a masikelo, matumba, ndalama zogulira zokolola kwa alimi ndi kulimbana ndi mavenda. Amene akufunsira ntchito ya kusukulu ayang'ane pamene teremu ikuyambira ndi kuthera, wa zowerengera ndalama ayang'ane pamene chaka cha ndalama cha bungwelo chimathera. Ngati kalata sinatchule tsiku loyamba ntchito, imbani foni kwa amene anakuitanani mufunse, ndipo ngati sanakuyankheni, nenani poyamba pomwe kuti pulani yanu mwaiyala poganiza kuti mudzayamba mwezi wakutiwakuti. Palibe amene amachotsa malikisi chifukwa cha zimenezi.

Mphindi yachisanu ndi chitatu ndi yonena mmene bodi idzadziwire pa tsiku la 90 kuti ntchito yagwirika. Apa anthu amagwa m'mbuna ina, yolonjeza zimene sangathe, monga kunena kuti adzachulukitsa zokolola kawiri, pamene pa 29 Disembala soya amakhala akadali wamng'ono m'munda. Lonjezani zimene zingawerengedwe pa tsikulo, monga makalabu amene alandira mbewu mvula isanagwe ndi mapangano amene asainidwa. Manambala a mkati mwa bungwe amene simunawaone musawapeke. Nenani kuti chiwerengero chenicheni mudzagwirizana ndi bodi mukatha lipoti la mwezi woyamba. Kumbukiraninso kuti masilaidi anu amasungidwa mu failo yanu, ndipo mabungwe ambiri amaika munthu pa pulobeshoni ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limalola kuti nthawi yoyesedwayi ifike miyezi 12, ndiponso kuti mkati mwake ntchito ithe popanda notisi, kotero kuti lonjezo lokometsera intavyu likhoza kudzakhala chikwapu chanu chomwe.

Mphindi yomaliza ndi ya chimene chingasokoneze pulani ndi chimene mudzafune kwa abwana anu. Mayi uja akanati ndalama zogulira mbewu zikachedwa kutuluka kupitirira pakati pa Novembala, adzayamba kugawa imene ilipo kwa makalabu akutali, ndipo akanapempha njinga yamoto ndi mafuta kuyambira sabata yoyamba. Zonsezi zimakwana pa masilaidi asanu ndi limodzi, loyamba la zofunika zitatu zija, atatu a zigawo, limodzi la zoyezera, lomaliza la zovuta ndi zopempha, ndipo pa silaidi iliyonse mizere isapose inayi.

Tsopano za anthu amene amakonzera anzawo masilaidi pa malipiro, amene achuluka m'mashopu otayipa makalata ndi pa WhatsApp. Munthu amene sanawerenge chilengezo cha ntchito yanu ndiponso sanapondeko kudera kumene mukukagwira ntchito sangakulembereni pulani, amangosintha dzina pa imene anagulitsa kale kwa wina. Zinachitikapo tsiku lina kuti anthu awiri otsatizana anationetsa masilaidi ofanana mpaka mtundu wa zilembo, ndipo pa silaidi imodzi panatsalira dzina la bungwe lina. Oipitsitsa ndi amene amanena kuti akudziwana ndi wina wa m'gulu lofunsa mafunso ndipo mukapereka kangachepe adzakupezerani pulani imene gululo likufuna. Pulani yotero kulibe, chifukwa fomu yathu imangofunsa ngati munthu waimvetsa ntchito, ngati zochita zake zili zotheka, ngati zili ndi zoyezera ndiponso ngati wasunga nthawi. Ngati mukufuna thandizo, lembani pulani yanu pa pepala ndi dzanja lanu, wotayipa angokuikirani pa masilaidi.

Chimene chimagwetsa anthu m'manja mwa ogulitsa amenewa ndi kuchedwa. Kalata imafika kukadali sabata, munthu n'kuyamba kukonzekera usiku woti mawa ndi intavyu, pamene sangathenso kuimbira foni aliyense kapena kukacheza ndi mlangizi wa m'deralo. Tsiku limene mwalandira kalata werengani masiku pa kalendala, masiku awiri otsatira fufuzani, kenaka yesezani kulankhula mokweza mawu katatu kapena kanayi mutatchera wotchi ya pa foni, chifukwa kuwerenga chamumtima kumathamanga kuposa pakamwa ndipo kumanamiza. Mukapitirira mphindi zisanu ndi zinayi, chotsani mfundo, musawonjezere liwiro. Masilaidiwo muwasunge pa fulashi komanso muwasindikize makope asanu, popeza magetsi akazima pa mphindi yachitatu wosunga nthawi saimitsa wotchi, ndipo ife timangotembenukira ku mapepala amene mwatigawira.